Ndakatulo ziwiri za imfa: kusiyana kwake kumapezeka pati?

Funso: Ndimaphunzitsa Chichewa ku Fomu 4 pasukulu ina yoyendera ku Chibavi, kuno ku Mzuzu. Ndikawapatsa ophunzira ndakatulo ziwiri zokamba za imfa kuti azifananitse, pafupifupi onse amalemba kuti zonse ziwiri ndi zachisoni, kenaka amafotokoza nkhani ya yoyamba, n'kufotokozanso ya yachiwiri, basi. Ndiwathandize bwanji kuti aziona kusiyana kwa maganizo a woyankhula ndi kwa kapangidwe ka ndakatulo? (Mphunzitsi, Mzuzu)

Yankho: Aphunzitsi, chimene ophunzira anu akufunika ndi funso lakuthwa kuposa lakuti ndakatuloyi ikukamba za chiyani, ndipo funsolo ndi ili: woyankhula akuchita nayo bwanji imfayo? Wina amaikalipira, wina amaigonjera, wina amaiopa, wina amainyoza, ndipo winanso amaiitana kuti ibwere msanga chifukwa matenda amutopetsa. Amenewa ndiwo maganizo a woyankhula, ndipo mlakatuli wodziwa ntchito yake sawatchula poyera kawirikawiri. Amawaika m'kapangidwe ka ndakatulo, monga mwa amene akuyankhulidwa, m'kutalika kwa mizere ndi ndime, m'nthawi ya aneni, ndiponso m'mawu amene abwerezedwa. N'chifukwa chake ine sindilangiza kuti maganizo ndi kapangidwe aziphunzitsidwa ngati mitu iwiri yosiyana, popeza kapangidwe ndiye umboni wa maganizowo, ndipo wophunzira amene watchula chimodzi popanda chinzake wasiya yankho lake panjira.

Kuti tisakambe zam'mwamba, ndalemba ndakatulo ziwiri zazifupi, iliyonse ya mizere 12, zimene mungathe kuzikopera pabolodi moyandikana. Yoyamba ndi iyi:

Imfa iwe,
unalowera pati?
Chitseko ndinatseka,
moto ndinasonkha,
mwana ndinamfunditsa.

Unalowera pati?
Nkhalamba zili pakhonde,
zikuwothera dzuwa,
iwe wazilumpha.

Nsapato zake zili pakhomo,
matope sanaume.
Bweza!

Yachiwiri ndi iyi:

Gonani, amayi, dzuwa lalowa,
khasu lanu taimika pakhonde,
chimanga chanu chadzaza m'nkhokwe.
Gonani, amayi, ntchito mwaitha.

Munkati mvula ikagwa tidzale,
yagwa, ndipo mbewu tazikwirira,
zomwe takwirira zidzameranso.
Gonani, amayi, ntchito mwaitha.

Madzulo ndapakula mbale zinayi,
pamene odya tatsala atatu,
yanu ndavundikira, ili apo.
Gonani, amayi, ife tilipo.

Musanafunse funso lililonse, ndakatulo zonse ziwiri ziwerengedwe mokweza, kawiri iliyonse, ndipo owerenga akhale osiyana. Ophunzira adzamva okha kuti yoyamba imathamanga n'kuima mwadzidzidzi, pamene yachiwiri imayenda pang'onopang'ono ngati anthu amene akubwerera kuchokera kumanda a ku Zolozolo. Zimene khutu lamvazo ndizo zimene cholembera chiyenera kuzipezera umboni pambuyo pake.

Poyambira pabwino ndi woyankhula ndi woyankhulidwa, chifukwa apa m'pamene Chichewa chimaulula zambiri ndi mawu ochepa. M'ndakatulo yoyamba woyankhula ndi kholo lomwe mwana wake wamwalira. Ndikunena kuti kholo, osati mayi, chifukwa palibe mzere umene ukutsimikiza kuti ndi mayi, ndipo bambo nayenso amatseka chitseko ndi kufunditsa mwana. Ophunzira azolowere kunena zokhazo zimene mizere ikulola. Khololi likuyankhula ndi imfa yeniyeniyo, ndipo likuitchula kuti "iwe", mawu amene munthu sangauze mkulu amene amamulemekeza. Imfa yapatsidwa umunthu, koma wophunzira asalekere pa kutchula dzina la chipangizocho. Afunse kuti yasandutsidwa munthu wamtundu wanji. Yankho lili m'funso lakuti "unalowera pati?", limene timafunsa tikapeza kuti m'nyumba mwalowa wakuba. Imfa pano ndi mbava, ndipo mawu omaliza akuti "Bweza!" ndi amene timauza munthu amene watenga chinthu chosakhala chake. Maganizo a woyankhula tsono ndi mkwiyo ndi kukana, ndipo umboni wake tauloza ndi chala.

M'ndakatulo yachiwiri woyankhula ndi mwana wamkulu amene akuyankhula ndi amayi ake omwalira, ndipo aneni ndi mawu ena onse owakhudza ali aulemu: "gonani", "lanu", "chanu", "mwaitha", "munkati". Mawu akuti imfa sapezeka ngakhale kamodzi m'mizere yonse 12, pamene m'ndakatulo yoyamba ndiwo mawu oyambirira. Woyankhula wachiwiriyu waifunditsa imfa ndi mawu ofewa a tulo ndi a kulowa kwa dzuwa, monga momwe timachitira polengeza uthenga wa maliro kuti wakutiwakuti watisiya. Ophunzira anu ambiri amene kunyumba amayankhula Chitumbuka sadzavutika ndi mfundo imeneyi, chifukwa kusiyana kwa "iwe" ndi "imwe" akukudziwa kuyambira ali aang'ono, ndipo mukhoza kuyambira pomwepo.

Pali kufanana kumodzi kumene ndimakonda kuti ophunzira akupeze okha. Ndakatulo zonse ziwiri zili ndi mneni wolamula pamalo ofunika kwambiri: yoyamba yathera pa "Bweza!", ndipo yachiwiri yabwereza "Gonani" kanayi. Wophunzira wothamanga adzalemba kuti zonse ziwiri zagwiritsa ntchito mawu olamula, n'kupitirira. Wophunzira wofatsa adzaona kuti lamulo loyamba silingamveredwe, chifukwa imfa sibweza, pamene lachiwiri likulamula chinthu chimene chachitika kale, chifukwa amayiwo agona kale. Woyamba akulimbana ndi chimene sangachisinthe, ndipo wachiwiri akupereka chilolezo pa chimene chachitika popanda chilolezo chake. Kufananitsa kwabwino kumapezeka pamalo ngati amenewa, pomwe chipangizo ndi chimodzi koma ntchito zake ndi ziwiri.

Chomwechonso ndi dzuwa ndi khonde, zimene zikupezeka m'ndakatulo zonse ziwiri. M'yoyamba dzuwa likuwala ndipo nkhalamba zikuliwothera pakhonde, chithunzi chimene kwina chikanakhala chamtendere, koma pano chikuwawitsa mtima, chifukwa khololi likuona kuti imfa yalumpha amene nthawi yawo inakwana n'kukatenga amene anali asanayambe n'komwe moyo. M'yachiwiri dzuwa lalowa ndipo khasu laimikidwa pakhonde, kutanthauza kuti tsiku latha pa nthawi yake ndipo mlimi waweruka. Choncho dzuwa lilibe tanthauzo limodzi lokhazikika loti ophunzira aloweze pamtima. Tanthauzo lake limachokera kwa amene akuliyang'ana m'ndakatulo imeneyo.

Tsopano tifike pa mizere ndi ndime, pomwe ophunzira ambiri amangowerenga manambala n'kuwasiya opanda ntchito. Auzeni awerenge maphatikizo a mzere uliwonse poomba m'manja, n'kulemba nambala kumapeto kwa mzerewo. M'ndakatulo yoyamba adzapeza kuti mizere ndi yosalingana: "Imfa iwe" uli ndi maphatikizo 4, "unalowera pati" uli ndi 7, "Nsapato zake zili pakhomo" uli ndi 10, ndipo womaliza uli ndi 2 okha. Ndime nazo zikunka zichepa, kuyambira mizere 5, kenaka 4, kenaka 3. Munthu amene akulira mokalipa sayeza mawu ake, ndipo mpweya umamuthera, kotero kuti kufupika kwa ndime kukutionetsa kholo limene mawu akulithera mpaka latsala ndi liwu limodzi. Onaninso kuti mzere wautali kwambiri ndi wa nsapato, pomwe khololi lasiya pang'ono kukalipa n'kuyang'ana chinthu cha mwana wake. Matope osauma akutiuza kuti mwanayo amayenda ndi kusewera posachedwapa, ndipo m'nyengo ya mvula ya kuno ku Mzuzu wophunzira aliyense akudziwa maonekedwe a nsapato zotere zikasiyidwa pakhomo.

M'ndakatulo yachiwiri ndime zonse zitatu zili ndi mizere 4, ndipo mizere yonse, kupatula umodzi wokha, ili ndi maphatikizo 11. Powerenga, akumbutseni kuti "m'" wa m'mawu akuti "m'nkhokwe" ndi phatikizo palokha. Kulingana kumeneku, pamodzi ndi mzere wobwerezedwa kumapeto kwa ndime, kukupatsa ndakatuloyi kayendedwe ka nyimbo yogonekera mwana, ndipo n'koyenera, chifukwa amene kale ankagonekedwa ndi amayiwa ndiye akuwagoneka lero. Apa wophunzira akhoza kunena motsimikiza kuti woyankhula akuyesetsa kudziletsa ndi kuvomereza.

Koma ndime yachitatu imafuna kuti tikhalepo nthawi, chifukwa ndi imene imasiyanitsa wophunzira wowerenga ndi wophunzira wongoganizira. Ambiri akaona ndime ziwiri zoyambirira amagamula kuti woyankhula wavomereza imfa ndi mtima wonse, ndipo ena amafika polemba kuti sakumva kuwawa. Ndime yomaliza ikutsutsa zimenezo m'njira zitatu zimene zikuoneka papepala. Poyamba, m'ndime ziwiri zoyambirira woyankhula amanena ngati gulu, "taimika", "tazikwirira", koma pano wasintha n'kunena yekha, "ndapakula", "ndavundikira". Pagulu akulimba mtima monga momwe anamfedwa amayembekezeredwa kuchitira pamaso pa okhuza maliro, koma kukhitchini, ali yekha, manja ake apakulira munthu amene kulibe. Chachiwiri, mzere wobwerezedwa uja wasintha, ndipo m'malo mwa "ntchito mwaitha" tikumva "ife tilipo", mawu amene angamveke ngati otonthoza amayiwo kuti pakhomo pali anthu, komanso ngati odandaula kuti otsalawo ndiwo ali pa ntchito yopirira. Chachitatu, mzere wakuti "Madzulo ndapakula mbale zinayi" uli ndi maphatikizo 12, ndipo ndi wokhawo umene wapitirira muyeso wa 11. Mzere wa mbale yowonjezera uli ndi phatikizo lowonjezera.

Mfundo yachitatuyi ili ndi malire amene ophunzira ayenera kuwadziwa. Phatikizo limodzi palokha si umboni wokwanira, ndipo m'ndakatulo zambiri za Chichewa mizere siyezedwa chotere n'komwe, kotero kuti kuwerenga maphatikizo sikubala kanthu. Kusweka kwa muyeso kumakhala ndi tanthauzo pokhapokha ngati muyesowo unakhazikika bwino m'mizere ina yonse, ndiponso ngati kuswekako kwachitika pomwe tanthauzo nalo lagwedezeka. M'ndakatulo yathuyi zonse ziwiri zilipo, ndipo n'chifukwa chake mfundoyi ingalembedwe, koma ilembedwe ngati yothandizira zinzake ziwiri zija.

Nthawi ya aneni ndi chida china chimene ophunzira anachiphunzira kale m'malamulo a chiyankhulo koma sachitenga akalowa m'phunziro la ndakatulo. Auzeni adule mzere pansi pa mneni aliyense. M'ndakatulo yoyamba aneni a ndime yoyamba akuyang'ana kumbuyo, "unalowera", "ndinatseka", "ndinasonkha", chifukwa khololi likubwereza m'maganizo usiku umenewo n'kumafufuza pomwe linalakwitsa. Mizere itatu yomangidwa mofanana, dzina patsogolo mneni pambuyo, ikumveka ngati munthu amene akudziteteza pabwalo la milandu, ndipo pansi pa mkwiyo uja payamba kuoneka kudziimba mlandu. Mneni wa nthawi yam'tsogolo mulibe m'ndakatulo yonseyo. M'yachiwiri ulipo mmodzi, "zidzameranso", ndipo wagwirizana ndi mneni wakuti kukwirira, amene amagwira ntchito kumunda ndiponso kumanda. Woyankhula sanatchule Mulungu kapena kuuka kwa akufa, choncho wophunzira asalembe ngati kuti wazitchula, koma akhoza kunena kuti mzerewu ukutsegula khomo la chiyembekezo limene ndakatulo yoyamba ilibe.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikupempha kuti muwaletse msanga. Ophunzira akaona kuti "ndinatseka", "ndinasonkha" ndi "ndinamfunditsa" onse athera pa lembo la "a", amalemba kuti mlakatuli wafananitsa mamvekedwe a kumapeto kwa mizere pofuna kukometsa ndakatulo. Mawu a Chichewa amathera pa malembo a liwu, omwe alipo 5 okha, ndipo aneni ambiri amathera pa "a", kotero kuti kufanana kotere kumachitika kokha ngakhale m'kalata yopempha ntchito. Chimene mlakatuli wasankha m'mizere itatu ija ndi kuimanga mofanana, ndipo pamenepo m'pamene pali chonena.

Umboni ukapezeka, vuto lotsala ndi kalembedwe ka yankho. Wophunzira asankhe mfundo zitatu zokha, monga woyankhulidwa, kapangidwe ka ndime ndi mizere, ndi nthawi ya aneni, ndipo mfundo iliyonse ikhale ndi ndime yake momwe ndakatulo zonse ziwiri zikuonekera limodzi. Ndime iliyonse iyambe ndi chiganizo chonena kusiyana kapena kufanana, itsatire mawu ochepa otengedwa m'ndakatulo yoyamba ndi ntchito yake, kenaka a m'yachiwiri ndi ntchito yake. Nachi chitsanzo cha ndime imodzi yotere:

"Oyankhula awiriwa akusiyana pa amene asankha kuyankhula naye, ndipo kusankhako kukuonetsa mmene aliyense akuionera imfa. Kholo la m'ndakatulo yoyamba likuyankhula ndi imfa mwachindunji ndi kuitchula kuti 'iwe', ndipo funso lachodziwadziwa lakuti 'unalowera pati?' likuisandutsa mbava yoyenera kubweza chimene yaba. Izi zikuonetsa mkwiyo ndi kukana. Mwana wa m'ndakatulo yachiwiri sakuitchula n'komwe imfa, koma akuyankhula ndi amayi ake mwaulemu kuti 'Gonani, amayi', ngati kuti angopuma pambuyo pa ntchito. Izi zikuonetsa kuvomereza, ngakhale kuti mbale imene waivundikira m'ndime yomaliza ikuulula kuti kuvomerezako sikunafike pansi pa mtima."

Mukamachonga, njira yachidule yodziwira ngati wophunzira wafananitsadi ndi kuphimba ndi dzanja theka la yankho lake. Ngati theka lotsalalo likuwerengeka bwinobwino popanda kutchula ndakatulo inayo, ndiye kuti walemba mayankho awiri n'kuwalumikiza. Yang'ananinso mawu monga "pamene", "koma", "mofanana ndi" ndi "mosiyana ndi" m'kati mwa ndime zake, chifukwa akasowa, kufananitsa nakonso kwasowa. Chizindikiro china ndi mndandanda wa zipangizo wopanda ntchito, monga kulemba kuti muli chibwereza, umunthu ndi funso lachodziwadziwa, osanena kuti chilichonse chikuonetsa chiyani za woyankhula. Pa chipangizo chilichonse chotchulidwa chotere, lembani pambali kuti "ndiye chikutiuza chiyani?" mpaka atazolowera kudzifunsa okha. Muwaletsenso kulemba kuti mlakatuli wakwiya kapena mlakatuli waferedwa, chifukwa munthu mmodzi yemweyo walemba ndakatulo ziwiri zonsezi, ndipo mawu a kholo lokwiya ndi a mwana wofatsa ndi a oyankhula amene iye wawapanga.

Wophunzira wanzeru akhoza kukutsutsani ponena kuti kusiyana konseku kwabwera chabe chifukwa chakuti wina wataya mwana wamng'ono mwadzidzidzi pamene wina wataya kholo lokalamba lomwe lakolola munda wake. Mfundo imeneyi ndi yoona ndipo iyenera kulowa m'yankho, chifukwa imatiteteza ku chigamulo chosayenera chakuti woyankhula wachiwiri ndi wokhwima maganizo kuposa woyamba, kapena kuti ndakatulo yofatsa ndi yabwino kuposa yokalipa. Funso lofananitsa silifuna kuti tisankhe amene akulira bwino. Komabe mtundu wa imfa umangofotokoza chifukwa chimene maganizo asiyanirana, pamene funso likufunanso kudziwa mmene ife owerenga tawadziwira maganizowo, ndipo yankho la zimenezo lili m'mizere.

Kuti ophunzira akhulupirire kuti kapangidwe kamanyamuladi maganizo, apatseni ntchito iyi m'magulu a anthu anayi kapena asanu. Gulu lina lisinthe ndakatulo yoyamba kuti imfa iziyankhulidwa mwaulemu, "Imfa inu, munalowera pati?", mpaka kumapeto pomwe "Bweza!" asanduke "Bwezani". Akaiwerenga mokweza adzamva kuti mkwiyo wasanduka kuchonderera, ngakhale kuti nkhani sinasinthe ngakhale pang'ono. Gulu lina lichotse ndime yachitatu m'ndakatulo yachiwiri n'kunena mtundu wa woyankhula amene watsala. Gulu lachitatu lisinthe "Madzulo" kukhala "Lero" kuti mzere uja ubwerere pa maphatikizo 11, ndipo likambirane ngati pali chimene chatayika. Pa ntchito yomalizayi ophunzira sadzagwirizana onse, ndipo musawakakamize kugwirizana, bola aliyense aloze mzere umene akuimirapo. Pambuyo pake muwapatse ndakatulo ziwiri za m'buku limene akuphunzira pokonzekera mayeso a MSCE, ndipo achite nazo chimodzimodzi, kuyambira pa funso lakuti akuyankhula ndani, ndipo akuyankhula ndi yani.